Mtima Wouma ndi Mtima Wofooka

Chaka chimene makolo anga onse awiri anatupa miyendo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mlangeni, ndipo ndinali nditabwerera kukakhala pakhomo pawo ukwati wanga utatha. Anthu akutchalitchi ankati Mulungu anakonza bwino, kuti okalambawo apeze wowasamala. Ine ndinkangoti zikomo. Ndikanayankha zimene zinali kumtima kwanga bwenzi atandiitanitsa kwa akulu ampingo.

Anayamba ndi bambo. Munthu amene anakumba migodi ku Joni unyamata wake wonse, wobwerako n'kumasenza thumba la kachewere kuchokera kudimba osatula, anayamba kumaima panjira ngati akusirira chimanga cha eni ake. Nsapato zinasiya kulowa. Kugona chagada kunakanika, ankagona chokhala atatsamira khoma. Mvula isanathe amayi nawo anayamba zomwezo. Iwo anali onenepa kuyambira kale, a bipi ndi shuga, ndipo tinayamba taganiza kuti ndi thupi chabe likuwalemera. Koma akasesa pang'ono pabwalo ankakhala pansi ali wefuwefu, ndipo ukadina chala pamsongolo pawo pankatsala kadzenje. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pakhonde onse awiri, miyendo atayisanjika pabenchi imodzi, akupuma mopikisana.

Bambo anali ndi khalidwe limodzi limene m'mudzi monse ankawaseka nalo. Chibwerereni ku Joni sankadya kanthu okha. Nthochi, sikono, ngakhale switi yopatsidwa ndi mdzukulu, ankatulutsa mpeni wawo waung'ono wopinda n'kudula pakati, theka n'kupatsira amayi. Amayi ankati akupepesa zaka zimene anawasiya okha ndi ana asanu ndi khasu. Ankalankhula moseka, koma thekalo sankalikana.

Kuchipatala cha paboma anati ndi mtima, onse awiri. Anawapatsa mapiritsi okodzetsa kuti madzi aphwe, n'kutitumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda kuti akawaunike mitimayo ndi makina. Ulendo umenewo sindifuna n'kuukumbuka komwe. Okalamba awiri omwa mankhwala okodzetsa m'minibasi imodzi, ndipo wopepesa kwa kondakitala ndinali ine.

Amene anatiunika anali adokotala achizimayi, a msinkhu wanga, otopa ngati ine ndemwe. Anapaka bambo mafuta ozizira pachifuwa, n'kumayendetsa kachida kawo uku akuyang'ana pagalasi pomwe chinthu chotuwa chinkagunda mwaulesi. Atatha anaitana amayi. Chawo chinkaoneka chaching'ono, chochangamuka.

"Chipinda chachikulu cha mtima chikadzaza magazi n'kufinya, sichitulutsa onse," anatero adokotalawo. "Tikawagawa magaziwo magawo khumi, mtima wabwino umatulutsa asanu kapena asanu ndi limodzi, mwina kuposerapo pang'ono. Wa bambowa wakula, wafooka. Ukutulutsa osakwana atatu."

Bambo anagwedeza mutu ngati auzidwa mtengo wa feteleza.

"Nanga ine?" anafunsa amayi.

"Inu mayi, wanu ukutulutsa asanu ndi limodzi. Ukupopa bwino ndithu. Koma wauma."

Ndinaona nkhope ya amayi ikusintha.

"Mwati bwanji, mwana wanga? Ine wouma mtima?"

Adokotala anayesetsa kukonza. Anati sakunena za khalidwe, akunena za mnofu wa mtimawo, kuti wakhuthala chifukwa cha bipi ya zaka zambiri ndipo sumasuka bwino. Koma amayi anali atatseka kale makutu, akumanga chitenje mwaukali, ndipo panja mzere wa odwala unali utafika pakhonde. Tinatuluka ndi mawu awiri okha amene anawalowa: kuti mtima wawo ukupopa bwino, ndi kuti ndi wouma.

Pawindo lolandirira mankhwala ndi pomwe zinaipiratu. Bambo anapatsidwa timatumba tinayi. Amayi anangopatsidwa okodzetsa aja, n'kuuzidwa kuti apitirize a bipi ndi a shuga amene ankamwa kale, ndiponso achepetse mchere. Akalewo iwo sankawawerengera. Pobwerera, titatsika pamsewu wathu m'chifunga, amayi anatembenukira kwa ine.

"Ndiye kuti ine ndikunamizira," anatero. "Miyendo iyi ndi yobwereka."

Obwera kudzazonda matenda sanathandize. Wina anati achipatala amakondera amuna. Wina anati munthu akamupatsa mankhwala ochepa ndiye kuti amutaya, angomutsanzika mwaulemu. Winanso anati amayi athokoze Mulungu poti mtima wawo uli bwino, asiye kudandaula asamale amuna awo. Onsewa ndinkawaphikira tiyi. Shuga wa m'nyumba mwathu anathera anthu odziwa za mtima kuposa amene anauona ndi makina.

Kunena zoona, inenso sindinkamvetsa. Kutupa kumodzi, phuma limodzi, koma wina timatumba tinayi, wina kamodzi. Amayi akandifunsa ndinkangoti, "Adokotala ndi amene akudziwa." Yankho limeneli silikhutitsa ngakhale mwana wa Sitandade 2.

M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkaika mapiritsi m'timbale tiwiri, ka bambo ndi ka amayi, pambali pa phala. Mwezi uliwonse tinkapita paboma kukiliniki ya a mtima, bipi ndi shuga. Kumeneko bambo ankawawonjezera mphamvu ya mankhwala pang'onopang'ono, ati amenewa sayambira pamwamba. Amayi ankangowapima sikelo ndi bipi n'kuwauza za mchere. Bambo anayamba kupepukidwa. Anavalanso nsapato, tsiku lina anafika mpaka kudimba. Amayi anakhalabe pabenchi paja, tsopano okha.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Pofika nyengo yokolola bambo anayambanso kutupa, kuposa poyamba, mpaka mimba. Chifuwa chinkalira. Amayi anayamba kudandaula chizungulire, akaimirira ankagwira khoma. Ine mutu unaima. Mapiritsi ndinkaika, timbale ndinkatipeza topanda kanthu, ndiwo ndinkaphika zosakoma chifukwa chosowa mchere mpaka inenso ndinaonda. Ndinkafika m'kalasi maso ali psuu, ana akuwerenga ine ndikuwodzera pachoko.

Lachinayi lina amayi anagwa akutuluka kumapemphero a azimayi. Anawabweretsa atawagwirira uku ndi uku, milomo itayera. M'mawa mwake ndinapeza galimoto ya munthu wogula kachewere, ndinawakweza onse awiri ulendo wa paboma.

Adokotala a kilinikiyo anali bambo wachikulire wa imvi, wosathamanga polankhula. Anapima amayi: bipi yatsika kwambiri, mtima ukugunda mochedwa. Anapima bambo: madzi adzaza mpaka m'mapapo. Anayang'ana m'mabuku awo akuchipatala, kenaka anayang'ana ine.

"Mankhwala amawapatsa ndani?"

"Ine."

"Simuwasokoneza? A bambowa kupatsa mayiwa?"

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndine mphunzitsi, kuwerenga ndimadziwa. Ndinawauza kuti ndimadzuka kusanache, kuti alongo anga amangoimba foni kufunsa ngati odwala adya, kuti ngati akuona kuti sindikutha awatenge onse awiri akawasunge kwawo. Mawu anga anamveka mpaka panja. Iwo anangondisiya ndimalize.

"Mwanayu musamunene," anatero bambo mwakachetechete. "Ndine."

Anapisa m'thumba la jekete n'kuika mpeni uja patebulo. Kuyambira tsiku limene anabwera kuchokera kudimba n'kupeza amayi akulira okha pabenchi, piritsi lililonse la m'kambale kawo ankalidula pakati ine ndikangotuluka. Ena anali aang'ono kwambiri moti ankanyenyeka, ndiye ankagawana zinyenyeswazo.

"Matenda ndi amodzi," anatero. "Ine ndichire ndekha, mnzanga ndikumuyang'ana? Simunafune kumupatsa, ndamupatsa ine."

Amayi anazolika. Ine ndinakhala pampando wa odwala osaupempha.

Adokotala aja sanakalipe. Anatenga kampira kofinya ka makina opimira bipi n'kukaika m'dzanja la bambo.

"Finyani. Tsopano tayani. Mwaona? Ntchito ndi ziwiri: kufinya kuti zituluke, ndi kumasuka kuti zilowe. Mtima wanu, bambo, umadzaza bwinobwino, koma ulibe mphamvu yofinya. Wa mayiwa umafinya, koma sufutukuka kuti udzaze. Magawo asanu ndi limodzi aja ndi oona, koma ndi magawo a magazi ochepa amene alowamo movutikira. Konse kuwiri magazi amaunjikana kumbuyo podikira kulowa, madzi n'kumatsikira m'mapapo ndi m'miyendo. N'chifukwa chake mumatupa mofanana, ndipo okodzetsa timakupatsani nonse. Kufanana kwake kwathera pomwepo."

"Nanga atatu enawa?" anafunsa bambo.

"Mtima ukafooka thupi limachita mantha. Limauthamangitsa, limapanikiza mitsempha, limasunga mchere ndi madzi. Zili ngati kukwapula ng'ombe yotopa pangolo: imayenda pang'ono, kenaka imagwa. Mapiritsi anu atatuwa amalanda chikwapucho. Lina limachedwetsa kugunda, lina limamasula mitsempha, lina limaletsa thupi kusunga mchere ndi kuwononga mnofu wa mtima. Mtima umapuma, nthawi zina mphamvu zimabwererako, ndipo munthu amakhala zaka zambiri kuposa akanapanda kumwa. Koma pamafunika mlingo wake wonse. Inu mwakhala mukumwa theka."

Anatembenukira kwa amayi.

"Inu vuto lanu si limenelo. Mankhwalawa safewetsa mnofu wokhuthala. Anayesedwa pa anthu a mtima ngati wanu, sanawatalikitsire moyo ngati mmene amachitira kwa a mtima wofooka. Ena mwa iwo timapatsa anthu onga inu pa zifukwa zina, koma titapima kaye bipi ndi impso. Inu mwawamwera pamwamba pa anu. Bipi yagwa, mtima wachedwa, ndiye mwagwa nanu. Tiyesanso magazi, chifukwa impso za munthu wa shuga sizichedwa kudandaula."

Bambo anali akufinyabe kampira kaja.

"Chabwino, ndamva. Ndiye apatseni awoawo. Ofewetsawo."

Adokotala anapukusa mutu.

"Ofewetsa kulibe, bambo. Osati kuno kokha, kulikonse. Chimene timatha ndi kuchotsa madzi, kugwira bipi ndi shuga kuti mtima usapitirire kuuma, ndi kuchepetsa mchere. Kuli mankhwala ena atsopano, anayamba ngati a shuga, amathandiza mitima ya mitundu yonse iwiri kuti munthu asamagonekedwe pafupipafupi. Pawindo pathu sapezeka. Mukatha kuwagula mumzinda ndikulemberani."

Amayi ndi amene anayamba kulankhula.

"Ndiye kuti ndikudwaladi?"

"Mukudwala kwambiri, mayi. Mofanana ndi amuna anu."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero amayi, n'kupumira m'mwamba. Ndinawayang'ana, ndipo ndikulumbira kuti nkhope yawo inali itamasuka. Miyezi yonse ija chimene chinkawawawa kwambiri chinali kuyesedwa wabodza.

Onse awiri anawagoneka, wina kuwodi ya amuna, wina ya amayi, ine pakati ndi mabeseni. Amayi atasiya mapiritsi a eni ake chizungulire chinatha m'masiku ochepa, ndipo impso zinapezeka kuti sizinawonongeke kwenikweni. Bambo ankawabaya okodzetsa pamtsempha, madzi anayamba kuphwa. Koma itafika nthawi yoyambiranso mapiritsi aja, anakana. Anesi akabwera ankatembenukira kukhoma.

"Ngati amayi ako alibe, inenso basi," anandiuza. "Tinalowa limodzi, titulukire limodzi."

Ndinawachonderera, ndinawaopseza, ndinawatchulira adzukulu mmodzimmodzi. Adokotala anawauza mosabisa kuti akawasiya mtima upitirira kukula ndipo sakhalitsa. Bambo anangoti zikomo, mwaulemu wonse. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa khitchini ya magadiyani. Sindinalire. Ndinangokhala, ndikuyang'ana utsi, ndikulakalaka wina atandigoneka inenso pabedi n'kumandifunsa ngati ndadya.

Amayi nditawauza anadzuka pabedi. Anapempha chitenje chawo chabwino ndi mpango. Tinayenda pang'onopang'ono kudutsa khonde lonse, tikuima pamzati uliwonse kuti apume. M'wodi ya amuna odwala anzawo anadzuka kuti aonere. Amayi anakhala pamphepete pa bedi, anatenga mapiritsi pakabati n'kuwaika m'dzanja lawo.

"Bambo, dzukani."

"Mayi, musavutike."

"Ndati dzukani. Munapita ku Joni, ndinakufunsani kuti mundigawire fumbi la mumgodi? Ine ndinabereka ana asanu, munandigawira ululu? Zina sizidulidwa pakati. Mukufuna mufe ndani azindidulira nthochi, mwana wolusayu?"

Wodwala wa bedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola.

"Anandiuza kuti ndine wouma mtima," anapitiriza amayi. "Lero muuona. Yasamulani."

Bambo anameza onse, athunthu, misozi ikutsikira m'ndevu. Amayi anawayang'ana m'kamwa ngati mwana, kenaka anandiuza kuti ndiwabweze kubedi kwawo chifukwa mpweya wawathera.

Kuyambira pamenepo kambale ka bambo kanali m'manja mwa amayi. Ine ndinapumako mbali imeneyo, koma mbali imeneyo yokha. Zaka ziwiri zotsatira ndimazikumbuka ngati ulendo umodzi wautali wa pakati pa kwathu ndi paboma. Amayi ankati akakhala bwino mwezi umodzi, wotsatira madzi abwerera. Akadya ndiwo zamchere pamaliro, kutupa. Akadwala chimfine, kubanika. Tikawonjezera okodzetsa pang'ono, chizungulire, chifukwa mtima wouma ukachepekedwa madzi umasowanso chodzazira. Adokotala ankati njira yake ndi yopapatiza, ndipo tinkayendadi ngati pamlatho wa mtengo umodzi. Mankhwala atsopano aja mlongo wanga ankatumiza akatha, ndipo miyezi imene analipo tinkagonako kunyumba. Akalephera, tinkabwerera kuwodi. Anesi anayamba kundipatsa moni ngati mnzawo wa pantchito.

Bambo ankangolimba. Anayambanso kupita kudimba, anakonza khola, anayamba kuyenda wapansi kutchalitchi osaima. Akabwerako ankabisa mphamvuzo. Pofika pakhomo ankayenda mozemba, n'kukhala pabenchi pambali pa amayi akunamizira kupuma movutikira. Amayi ankawatsina.

"Musandinyoze. Pumani ngati munthu."

Amayi anatisiya m'nyengo yozizira, masana, kuwodi komwe kuja, ndikuwasenderera lalanje. Pamaliro ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti koma achipatala anati mtima wawo unkapopa bwino, ndiye pali china. Mphamvu zowafotokozera za kampira kofinya ndinalibe. Ndinangowapatsira madzi osamba m'manja.

Ndinkaopa kuti bambo asiya mankhwala. Sanasiye. M'mawa uliwonse ankameza onse ndisanawakumbutse, n'kundionetsa m'kamwa ngakhale sindinawapemphe. Ankati anauzidwa, ndipo amene anawauza sanabwere kudzasintha mawu.

Patapita miyezi anatitumizanso mumzinda kuti akaunikenso mtima. Tinapeza adokotala achizimayi omwe aja. Anayang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenaka anamwetulira, kumwetulira kwenikweni kwa munthu amene sakumana ndi nkhani yabwino kawirikawiri.

"Bambo, mtima wanu wabwerera ndithu. Waphwa, ndipo ukutulutsa magawo oposa anayi. Musasiye mankhwala, chifukwa ndi amene akuugwira. Mukapitiriza chonchi muli ndi zaka kutsogoloku."

Bambo anamanga mabatani a malaya mmodzimmodzi, anathokoza, anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinasangalala, sindibisa. Ndinawagulira nthochi padepoti, ndipo anangoigwira m'manja ulendo wonse. Titayandikira kwathu, minibasi ikutsika mtunda, anayang'ana pawindo kumene kuli mitengo ya kumanda.

"Zaka, eti?" anatero.

"Eya, bambo. Zaka."

"Ndiye kuti ndichedwa."

Kondakitala anamenya chitseko, ndipo tinatsika.